Ndapeza ntchito ku Blantyre, koma kodi K380,000 ingandisunge ndi banja?

Funso: Ndine kalaliki pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Pa mwezi ndimalandira K180,000 atadula kale zonse, ndipo ndimakhala m'nyumba ya kampani yomwe sindilipira. Ndili ndi mkazi ndi ana awiri, wamkulu ali Sitandade 3, wamng'ono ali ndi zaka ziwiri. Tili ndi kamunda kwawo kwa mayi a kunyumba komwe timakolola matumba asanu ndi atatu mvula ikagwa bwino. Kampani ina ya ku Makata ku Blantyre yandiitana kuti ndikayang'anire sitolo yosungira katundu, malipiro K380,000. Anzanga akuti ndisachedwe chifukwa ndalamayi ndi yoposa kawiri. Ndidziwa bwanji ngati ingatikwanire m'tauni ndisanasiye ntchito kuno?

Yankho:

Achimwene, choyamba chotsani m'mutu mawu akuti kawiri, chifukwa anzanuwo akuyerekeza zinthu ziwiri zosiyana. Ndalama mukulandira ku esitetiyo ndi yolowa m'thumba, pomwe yomwe yalembedwa pa kalata ya ku Makata ndi yosadula kanthu. Isanakufikeni idzayamba yadutsa pa msonkho wa MRA, womwe pa peyisilipi amaulemba kuti PAYE, kenako pa penshoni. Lamulo la penshoni limati wogwira ntchito azisonkha zosachepera K5 pa K100 iliyonse, abwana nkuonjezerapo K10 yochokera m'thumba lawo. Pa K380,000, gawo lanu ndi K19,000.

Msonkho umayenda m'magawo, ndipo boma limasinthasintha magawowo pa bajeti. Kuti muone m'mene amawerengera, titenge omwe anakhazikitsidwa mu 2024: K150,000 yoyamba sinkadulidwa kanthu, ndipo kuchokera pamenepo mpaka K500,000 ankadula K25 pa K100 iliyonse. Kwa inu ndiye kuti K230,000 ndi yomwe ingakhudzidwe, msonkho wake K57,500. Mukachotsa msonkho ndi penshoni mutsala ndi K303,500. Magawo a chaka chomwe mukuyamba ntchito akhoza kusuntha nambalayi pang'ono, nchifukwa chake ndi bwino kupempha a ofesi yoona za antchito akulembereni ndalama yeniyeni yomwe idzalowe ku banki. Si mwano kufunsa zimenezi, ndipo ofesi yolongosoka imayankha tsiku lomwelo. Mufunsenso ngati pali zina zodula, monga ya bungwe la antchito, ya chisamaliro cha maliro kapena ya chipatala. Pa masamu athu tigwiritsa K300,000. Kusiyana kwa ntchito ziwirizi tsopano kwafika pa K120,000, ndipo funso lenileni ndi lakuti K120,000 imeneyi ingagule zonse zomwe panopa simugula kapena ayi.

Pamenepa ndi pomwe anthu ochokera m'maesiteti amagwa kawirikawiri. Malipiro a pa esiteti amaoneka ochepa chifukwa mbali ina simuilandira ngati ndalama. Nyumba simulipira. Ku ntchito mumapita wapansi. Madzi ali pa mpopi wa pafupi, nkhuni zimapezeka, masamba ali kuseri kwa nyumba, mapeyala ndi nthochi nyengo yake ikafika amachita kukupatsani anansi. Ku Blantyre chilichonse mwa izi chili ndi mtengo, ngakhale nkhwani. Ndiye tengani kope, mulembe chilichonse chomwe banja lanu lagwiritsa ntchito sabata ino, chogula ndi chosagula chomwe, pamodzi ndi kuchuluka kwake: zigubu zingati za madzi patsiku, ufa wochuluka bwanji, moto umayatsidwa kangati. Kuchuluka ndiye kofunika kwambiri, chifukwa mitengo mukaipeza komweko. Pa ntchito imeneyi mayi a kunyumba ndi amene akudziwa zoona, inu muzingolemba.

Tikafika pa nyumba, musawerengere lendi payokha. Lendi ndi ndalama ya minibasi ndi mtengo umodzi, chifukwa nyumba yotsika mtengo nthawi zambiri imakhala kutali, ndipo zomwe mwapulumutsa kwa alandilodi mumakazisiya kwa kondakitala. Mitengo yomwe ndigwiritse pano ndi yongoyerekeza kuti njira ya kawerengedwe ioneke, inu mudzaikemo yomwe mwaipeza. Tinene kuti mwapeza nyumba ya zipinda ziwiri ku Bangwe pa K60,000, ndipo ina yofanana nayo ku Ndirande pa K90,000. Munthu wochokera ku Thyolo mtima umathamangira ku Bangwe, poti ndi kufupi ndi Limbe komwe minibasi za kwathu zimatsitsa, ndipo lendi yake yatsika ndi K30,000. Koma kuchokera ku Bangwe kukafika ku Makata mukwera kawiri, koyamba mpaka mu Limbe, kenako ina. Ngati ulendo umodzi ukukwana K2,000, patsiku ndi K4,000. Ntchito za m'masitolo osungira katundu zambiri zimagwiridwa mpaka Loweruka, ndiye masiku ake ndi 26 pa mwezi, osati 22. Minibasi yokha yadya K104,000, ndipo nyumba ya K60,000 ija yasanduka ya K164,000. Ndirande ili moyandikana ndi Makata, moti anthu ambiri ogwira ntchito m'mafakitale a kumeneko amayenda wapansi. Mukaika K10,000 ya masiku a mvula kapena ochedwa kudzuka, nyumba ya ku Ndirande ikukwana K100,000. Yodula ija ndiye yotchipa.

Ena adzakuuzani kuti musalowe m'tauni, mungokhala pa Bvumbwe nkumapita m'mawa kubwera madzulo. Alipo amene amachitadi zimenezi, ndipo ndiwo pa Bvumbwe ndi zotsika mtengo chifukwa kabichi ndi tomato wambiri wa mu Limbe amachokera komweko. Zimayenda kwa munthu amene ntchito yake ili mu Limbe mwenimweni kapena amene kampani imamutenga pa galimoto. Kwa inu ofunika kukweranso ina kuchokera mu Limbe, ulendo wa tsiku ndi tsiku ukhoza kumeza ndalama yoposa theka la malipiro. Muonjezerepo kuti mafuta a galimoto akasowa kapena akakwera, mtengo wa minibasi umadumpha tsiku lomwelo pomwe malipiro anu adikira chaka. Munthu woyenda wapansi vuto limeneli silimukhudza kwenikweni, ndipo ichi chokha ndi chifukwa chokwanira cholipirira lendi yokwerako pafupi ndi ntchito.

Mitengo yeniyeni simungaipeze pa foni. Mbale wanu wa m'tauni akakuuzani kuti iye amalipira K50,000, mufunseni analowa liti, chifukwa alendi akale alandilodi amawakwezera pang'onopang'ono, koma nyumba ikangotsala yopanda munthu wolowa kumene amamutchulira mtengo watsopano. Pemphani masiku awiri a tchuthi, mukagone kwa mbale, muyende nokha. Tsiku loyamba muone nyumba zosachepera zisanu m'dera lomwe mungathe kuyenda wapansi mphindi makumi anayi kukafika pa geti la kampaniyo. Tsiku lachiwiri mudzuke m'mamawa, muyende ulendowo pa nthawi yomwe muzidzayenda, muone kutalika kwake ndi m'mene msewu ulili. Madzulo mulowe mumsika wa m'deralo ndi kope lija, osati m'sitolo zikuluzikulu za m'tauni, chifukwa banja la malipiro ngati awa limagula pamsika ndi pa okala.

Pa nyumba iliyonse, mafunso ofunika musafunse mwini wake kapena ejenti. Funsani mayi amene akuchapa pakhomo loyandikana nalo. Madzi amatuluka masiku angati pa sabata, ndipo akasiya amakatunga kuti, pa mtengo wanji? Madzi ambiri a Blantyre Water Board amachita kupopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire kukwera mtunda wautali, ena amachokera kwa anansi athu ku Likhubula m'phiri la Mulanje, ndipo madera a m'mapiri ndi amene mipopi imayamba kuuma. Pomwe pali kiyosiki mumagula pa chigubu, ndipo kiyosikiyo ikauma mtengo wa otunga kutali umakwera. Funsaninso za mita ya ESCOM. Ngati mita ndi imodzi pa mabanja anayi, mayunitsi amasonkha mofanana ngakhale wina ali ndi firiji ndi hotipuleti pomwe inu muli ndi mababu awiri okha, ndipo mikangano yambiri ya pa lendi imayambira pamenepo. Chimbudzi chimagwiritsidwa ntchito ndi mabanja angati, ndipo chikadzaza amalipira ndani? Kenako yang'anani pomwe nyumbayo yakhala. Ife a ku Thyolo ndi Mulanje sitifunika kuuzidwa zomwe namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023, ndipo ku Blantyre matope ochokera m'phiri la Soche anakokolola nyumba ku Chilobwe. Nyumba ikatchipa modabwitsa, onani ngati ili m'mphepete mwa mtsinje, m'khwawa kapena pansi pa phiri logumuka. Mzere wa chinyontho pa khoma umaonetsa pomwe madzi anafika.

Tsopano tiyale mwezi wonse, banja lonse lili ku Ndirande. Nyumba ndi maulendo tapeza K100,000. Magetsi ongounikira, kutchaja foni ndi kusita tiike K12,000. Madzi, ngati mukugwiritsa zigubu zisanu ndi chimodzi za malita 20 patsiku pa K50 chimodzi, ndi K9,000, ndipo pakhomo pomwe pali mwana wa zaka ziwiri kuchapa sikutha, choncho musachepetse. Makala ndi amene amadzidzimutsa anthu ozolowera nkhuni. Banja la anthu anayi lophika katatu patsiku ndi kutenthetsa madzi osamba likhoza kumaliza thumba limodzi ndi theka pa mwezi, ndipo ngati thumba lili K30,000 ndiye K45,000 yapita. Miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikagwa, amatha msanga kuposa apa. Tafika pa K166,000 tisanagule chakudya chilichonse.

Chimanga tinene kuti chikuchokera kumunda kwanu, koma sichifika chokha. Thumba limalipiridwa pa minibasi, kabaza amalitenga pa siteji, chigayo chimafunanso yake, zonse tiike K10,000. Ndiwo, tomato ndi anyezi pa K2,500 patsiku ndi K75,000, ndipo ndalama imeneyi ndi ya masamba, nyemba, soya ndi bonya kapena usipa, nyama ya apo ndi apo. Mafuta ophikira, shuga, mchere, sopo ndi mafuta odzola tiike K35,000. Inu masana mudzadya ku ntchito, ndipo ngakhale mutangogwira pamimba ndi K1,000, masiku 26 ndi K26,000. Foni K6,000. Zonse pamodzi zakwana K318,000, pomwe m'thumba mwalowa K300,000.

Mwaperewera K18,000 m'mwezi womwe palibe wadwala, palibe maliro kumudzi, nsapato ya mwana sinang'ambike, simunapereke chopereka ku tchalitchi ndipo simunatumize kalikonse kwa makolo. Mwezi wotero kulibe. Makamaka nkhani ya kumudzi muiwerengere moona mtima. Thyolo ndi pafupi ndi Blantyre, ndipo kuyandikiraku kuli ndi mtengo wake: maliro aliwonse adzayembekezera kukuonani, ndipo m'bale aliyense wotumizidwa ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, pamodzi ndi womudikirira, adzafikira kwa inu. Simungawabweze, ndipo sindikunena kuti muwabweze. Ndikungoti ufa ndi makala omwe adzadye zilowe m'kope.

Pali yeso lina lomwe ndimaliona lofunika kuposa onse, ndilo kuwerengera mwezi wa Febuluwale. Anthu ambiri amapita kukafufuza mitengo mu Meyi kapena Juni, chimanga chitangokololedwa, zinthu zili zotsika, nkuganiza kuti chaka chonse chidzatero. Banja ngati lanu limadya thumba limodzi la makilogalamu 50 ndi kachidutswa pa mwezi. Matumba asanu ndi atatu, mutachotsapo la makolo ndi lomwe anankafumbwe angaononge, adzakufikitsani mwina mu Novembala kapena Disembala. Kuyambira pamenepo mudzagula, ndipo ndi nthawi yomwe chimanga chimakwera kwambiri. Nyengo yomweyo makala amakweranso chifukwa cha mvula, malungo ndi kutsegula m'mimba zimachuluka mwa ana, teremu yachiwiri imatsegulira mu Januwale, ndipo kumunda kukufunika feteleza wobereketsa ndi ndalama ya aganyu opalira. Musaiwale mfundo yomalizayi. Panopa mundawo umalimidwa ndi manja a banja lanu. Mukasamuka nonse, wina adzafunika kulipidwa kuti alime, apo ayi matumba asanu ndi atatu aja adzasanduka anayi. Chimanga chomwe mumachitcha chaulere chidzakhala ndi mtengo wake. Ndiye funsani ogulitsa pamsika kuti thumba linafika pa zingati mu Febuluwale wapitayu, muike nambala imeneyo m'kope. Malipiro amene akukwana mu Juni koma osakwana mu Febuluwale ndi osakwana, chifukwa ngongole ya miyezi itatu ya njala imabwezedwa chaka chonse.

Chizindikiro cha banja lomwe masamu ake sanakwane chimaoneka pa kagulidwe. Poyamba limagula thumba la makala ndi botolo la malita awiri la mafuta. Pofika pa 15 ndalama yatha, liyamba kugula makala a m'timapepala, mafuta oyeza pa kasupuni ndi ufa wa wokumani. Kugula pang'onopang'ono kotere kumadula kwambiri kuposa kugula kamodzi, choncho mwezi wotsatira umayamba ndi dzenje lokulirapo. Mukamafufuza mitengo lembani yonse iwiri, ya chinthu chathunthu ndi ya kaphukusi, muone nokha kusiyana kwake.

Ngati mukufuna poyezera kuti muone ngati kope lanu silinaiwale kanthu, bungwe la Centre for Social Concern limatulutsa kawirikawiri mndandanda wa zinthu zofunika pa banja la anthu asanu ndi mmodzi m'mizinda ngati Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, ndipo nyuzipepala zimaulemba. Nambala yawo yonse isakuopseni, popeza banja lanu ndi laling'ono ndipo muli ndi chimanga chanu. Chothandiza ndi mndandanda wa zinthuzo ndi m'mene mitengo yake yasinthira pa miyezi khumi ndi iwiri. Kusinthako kukukhudzani mwachindunji. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, kenako ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo nthawi zonse ziwiri mitengo ya m'masitolo inasintha pa masiku owerengeka. Munthu wa m'tauni amene amagula chilichonse zoterezi zimamupweteka kuposa wa pa esiteti. Ndiye ngati masamu anu akungokwana ndendende lero, pakutha pa miyezi isanu ndi umodzi adzakhala osakwana. Pazitsala K10 pa K100 iliyonse ya malipiro yosagwira ntchito, ndipo mufunse kampaniyo kuti imakweza malipiro mwezi uti komanso inakweza liti komaliza.

Palinso ndalama ina yomwe simaoneka pa bajeti ya mwezi koma imagwetsa anthu asanayambe nkomwe, ndiyo ndalama yolowera. Eni nyumba ambiri ku Blantyre amafuna lendi ya miyezi itatu musanalowe, pa chitsanzo chathu K270,000. Ejenti amafuna yake yokuonetsani nyumba, ndipo mukaitenga amafunanso gawo lina, tiike K45,000. Musapereke lendi kwa ejenti. Perekani kwa mwini nyumba, mutaona m'kati ndi maso anu, ndipo akulembereni lisiti yosonyeza miyezi yomwe mwalipira. Galimoto yonyamula katundu kuchokera ku Thyolo tiike K120,000. Kenako muyenera kudya ndi kuphika mpaka malipiro oyamba. Makampani ambiri amatseka mndandanda wa malipiro chapakati pa mwezi, moti mukayamba pa 20 mukhoza kudikira mpaka kumapeto kwa mwezi wotsatira, masabata pafupifupi asanu ndi limodzi. Ikani K150,000 ngati mukudziletsa kwambiri. Pamodzi ndi K585,000, pafupifupi malipiro a miyezi iwiri omwe simunalandire. Sukulu ya boma ya pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, koma yunifolomu yatsopano idzafunika, ndipo kalata yosamutsira mwana muitenge musananyamuke.

Ndalama yolowerayi ikakhala palibe, anthu amathamangira kwa a katapila. Tinene kuti mwakongola K300,000 pa chiwongoladzanja cha theka pa mwezi, zomwe si zachilendo. Mwezi uliwonse womwe simunabweze yonse mukupereka K150,000, theka la malipiro anu, ngongoleyo ili chiimire. Ena amatenga ndi khadi lanu la ku banki kuti azitapa okha malipiro akalowa. Ntchito yoyamba motere sikhalanso yanu. Ngati mukuyenera kukongola, banki m'khonde ya mayi a kunyumba kapena adivansi yochokera ku kampani yatsopanoyo, yobweza miyezi itatu kapena inayi, ndi zopepuka kwambiri, ndipo ndalama yobwezayo muilembe m'bajeti ya miyezi imeneyo.

Kalata ya ntchito muiwerengenso bwino pa mfundo ya nthawi yoyesedwa. Lamulo la ntchito la 2000 limalola kuti wantchito waluso ayesedwe mpaka miyezi khumi ndi iwiri, ndipo m'nthawi imeneyi mbali iliyonse ikhoza kuthetsa mgwirizano popanda kupereka notisi. Makampani ambiri amaika miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi. Ntchito yosunga katundu ili ndi chiopsezo chake, chifukwa katundu akaperewera powerengera munthu woyamba kufunsidwa ndi inu. Kumbali inayi, mukasiya nokha ntchito ku esiteti simulandira ndalama yomwe amapatsa munthu wochotsedwa chifukwa cha kuchepetsa antchito, ndipo nyumba ya kampani mumatulukamo. Penshoni yanu siitayika, imakhalabe m'dzina lanu ndipo ikhoza kusamutsidwa, koma simungaiwerengere ngati ndalama yosamukira. Musapereke notisi ku esiteti ndi lonjezo la pa foni. Kalata yosainidwa, yotchula malipiro, tsiku loyamba ndi kutalika kwa nthawi yoyesedwa, ikhale m'manja kaye.

Njira yomwe ambiri a kwathu amatsata ndi yoti bambo atsogole okha, mayi ndi ana apite kumudzi pafupi ndi munda. Nayonso tiiwerengere, chifukwa imaoneka yotchipa kuposa m'mene ilili. Chipinda chimodzi ku Ndirande tiike K45,000, maulendo K10,000, magetsi ndi madzi K10,000, makala K18,000, ndiwo ndi zina za m'nyumba K55,000, chakudya cha masana K26,000, foni K8,000, kupita kumudzi kawiri pa mwezi K20,000. Zakwana K192,000, kutsala K108,000. Banja kumudzi likafuna K70,000 ya sopo, mafuta, ndiwo, chigayo ndi za kusukulu, kuphatikiza yodulidwa potumiza ndi potapa pa Airtel Money kapena Mpamba, mwatsala ndi K38,000. Tsopano dzifunseni kuti panopa, pa K180,000 ija, mumatsala ndi zingati mwezi ukatha. Ngati mumatsala ndi K40,000 kapena K50,000, ndiye kuti mwasiyana ndi ana anu, mukuphika nokha pa mbaula, nkutsala ndi ndalama yofanana kapena yocheperapo. Ubwino wa njirayi uli pena: ndalama yolowera imatsika kwambiri, munda umalimidwabe, ndipo ntchito ikakanika m'nthawi yoyesedwa simunasamutse banja lonse pachabe. Ndi njira yoyesera madzi kwa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, osati yokhalitsa.

Maganizo anga, potengera nambala zoyerekezazi, ndi akuti K380,000 singasunge banja la anthu anayi ku Blantyre pa moyo womwe mukukhala panopa. Koma zimenezi sizikutanthauza kuti mungokana. Masamu omwewa akupatsani nambala yoti mupite nayo kukakambirana. Yambirani kumapeto: K318,000 ya mwezi wamba, muonjezere chimanga cha miyezi ya njala ndi aganyu mutazigawa pa miyezi khumi ndi iwiri, ya kumudzi, ndi yosunga. Mufika pafupi ndi K400,000 yolowa m'thumba. Pa magawo a msonkho a 2024 aja, kuti m'thumba mulowe K400,000 kalata iyenera kunena pafupifupi K520,000, chifukwa pa K1,000 iliyonse yomwe akuonjezerani inu mumalandirapo K700 yokha. Alawansi ya nyumba yoperekedwa ngati ndalama nayonso imadulidwa msonkho, choncho musaiwerengere yonse.

Kampani ikhoza kukana kukweza malipiro kufika pamenepo koma nkuvomera zinthu zina zomwe kwa iyo ndi zotchipa. Ngati pali chakudya cha masana pa ntchito, K26,000 yabwerera m'thumba. Ngati pali galimoto yotenga antchito yofika ku Bangwe, nyumba ya ku Bangwe ija yasanduka yotchipadi, ndipo masamu onse asintha ndi K40,000 kapena kucheperapo, malingana ndi pomwe galimotoyo imaima. Ngati amalipirira banja chipatala kudzera ku MASM kapena kwina, mwezi wa malungo sukugwetsani. Funsaninso ngati malipiro amakwera nthawi yoyesedwa ikatha, ndipo ngati amakwera, zilembedwe pa kalata. Ovataimu ndi bonasi musaziike m'bajeti ngakhale akulonjezeni, chifukwa zimabwera pomwe kampani ili ndi ntchito yambiri, ndipo alandilodi safunsa ngati mwezi uno kunali ovataimu.

Chomaliza chomwe chingasinthe yankho ndi geni ya mayi a kunyumba. M'tauni muli ogula ambiri kuposa pa esiteti, ndipo munthu wa ku Thyolo ali ndi mwayi wodziwa kopikula mapeyala, nthochi, chinangwa kapena zinanazi za ku Mulanje pa mtengo wa kumunda. Koma phindu lake lisalowe m'masamu a miyezi itatu yoyamba. Geni imafuna mpamba, malo pamsika ndi makasitomala, ndipo mwana wa zaka ziwiri afuna womusamala mayi ake akapita kukapikula. Ngati atayamba nkumapeza phindu la K3,000 patsiku masiku makumi awiri pa mwezi, ndi K60,000, yomwe ingatseke dzenje la K18,000 lija nkutsalako ya chimanga cha mu Januwale ndi Febuluwale. Pamenepo, pamodzi ndi chakudya cha masana cha ku kampani ndi malipiro okwerako pang'ono, ntchito ya ku Makata yayamba kukwanira. Popanda ziwiri mwa zitatuzi, khalani kaye pa esiteti, muuze a ku Makata nambala yanu ya K520,000 ndi chifukwa chake, muone chomwe angayankhe.